Est-ce que, kutembenuza kapena kukweza mawu: funso la m'Chifalansa limatengera amene mukumufunsa

*Ndikukonzekera mayeso a Chifalansa a DELF B1, ndipo kuntchito ndimacheza ndi anzanga ochokera ku Congo. Buku langa limati « Où habitez-vous ? », anzangawo amati « Tu habites où ? », pomwe aphunzitsi amakonda « Où est-ce que vous habitez ? ». Ine nditalemba « Est-ce que vous habitez où ? » anandithetha. Cholondola n'chiti? Nanga polemba kalata yofunsa za malo ku yunivesite ndigwiritse ntchito njira iti? — Wowerenga wa ku Dowa*

Buku lanu, anzanu ndi aphunzitsi anu, palibe amene walakwitsa. Onse akufunsa chinthu chimodzi, kungoti aliyense akufunsa moyenerana ndi malo amene ali. Chiganizo chanucho ndiye aphunzitsi sanakulakwireni pochithetha, ndipo ndiyambira pomwepo, chifukwa ndi cholakwa chimene ife oyankhula Chichewa timagweramo kawirikawiri, ndipo gwero lake likudziwika.

Ambiri aife tikamva koyamba za *est-ce que* timati, basi ameneyu ndi "kodi" wathu uja. Pa mafunso ofuna yankho la inde kapena ayi, kufananako n'koona. Mumatenga chiganizo chonena chabe, *vous partez demain* (mukunyamuka mawa), n'kuika *est-ce que* kutsogolo osasuntha liwu lina lililonse: *Est-ce que vous partez demain ?* N'chimodzimodzi ndi "Kodi mukunyamuka mawa?" Chosintha n'chimodzi chokha: liwu lotsatira likayamba ndi lembo la liwu, *que* amaduka n'kukhala *qu'*, monga mu *Est-ce qu'il part ?* ndi *Est-ce qu'on commence ?*

Kufananako kumathera pamenepo. M'Chichewa timati "Kodi mumakhala kuti?", "kodi" kutsogolo, "kuti" kumapeto, ndipo palibe chovuta. Chifalansa sichilola zimenezo. *Est-ce que* akatsegula chiganizo, womvera amayembekezera funso la inde kapena ayi. Ndiye akamva *où* kumapeto amakhala ngati wafunsidwa mafunso awiri oluka pamodzi. Ngati m'funsomo muli liwu lofunsira, monga *où* (kuti), *quand* (liti), *comment* (bwanji), *combien* (zingati) kapena *pourquoi* (chifukwa chiyani), liwulo liyambe, *est-ce que* atsatire pambuyo pake: *Où est-ce que vous habitez ?* Mukafuna kusiya *où* kumapeto monga m'Chichewa, n'zotheka ndithu, koma *est-ce que* achoke: *Vous habitez où ?* Sankhani chimodzi.

Cholakwa china cha mtundu womwewo ndi kuphatikiza *est-ce que* ndi kutembenuza, kumene ndi kutsogoza mneni mwininkhani n'kubwera pambuyo, monga *Est-ce que avez-vous reçu ma lettre ?* Ophunzira amachita zimenezi pofuna kuonjezera ulemu, koma n'zolakwika. Mukamuyang'anitsitsa *est-ce que*, muona kuti mwa iye yekha muli kale kutembenuza: ndi *c'est* amene watembenuzidwa kukhala *est-ce*. Ntchito yofunsa waigwira kale iyeyo, choncho mawu otsatira amayenda mwa dongosolo la masiku onse, mwininkhani kutsogolo, mneni pambuyo: *Est-ce que vous avez reçu ma lettre ?*

Tsono njira ya anzanu a ku Congo. Iyi ndiyo mudzaimva kwambiri anthu akamacheza, kaya ku Lubumbashi, ku Brussels kapena ku Paris. Chiganizo sichisintha m'pang'ono pomwe, mawu okha ndiwo amakwera kumapeto. *Tu viens.* ndi kunena kuti ukubwera, *Tu viens ?* ndi kufunsa. Papepala kusiyana kwake ndi chizindikiro cha funso chokha, chimene Afalansa amachilemba atasiya kampata pambuyo pa liwu lomaliza. Pakamwa ndiye pamafunika kusamala. M'Chichewa tinazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo. M'Chifalansa mphamvu imagwera pa phatikizo lomaliza lenilenilo, ndipo m'funso la inde kapena ayi mawu amakwera pomwepo. Mu *Vous avez compris ?* kwezani pa *-pris*, osati pa *com-*. Mukalephera kukweza, mnzanuyo amva kuti mukumuuza kuti wamvetsa, ndipo angokhala chete kudikira kuti mupitirize. Mukaona kuti mwafunsa koma sakukuyankhani, vuto nthawi zambiri limakhala limeneli. Pamene m'funso muli liwu lofunsira, kukwezako sikukhala kofunikira motero, poti liwulo laulula kale kuti ili ndi funso.

Njira imeneyi ndi yosavuta kwa ife chifukwa dongosolo lake likufanana ndi lathu: *Tu vas où ?* (ukupita kuti?), *Vous partez quand ?* (mukunyamuka liti?), *Ça coûte combien ?* (ndi ndalama zingati?). Pali timisampha tiwiri tokha. Woyamba ndi wakuti *que*, wotanthauza "chiyani", sangaime kumapeto. Akafika kumeneko amasanduka *quoi*. Timati *Tu fais quoi ?*, sitinena *Tu fais que ?* Wachiwiri ndi *pourquoi*, amene amakonda kutsogolo ngakhale pa macheza: *Pourquoi tu pars ?* ndiye womveka bwino. Ndipotu mudzamvanso *Où tu vas ?* ndi *Comment tu t'appelles ?*, liwu lofunsira lili kutsogolo popanda *est-ce que* komanso popanda kutembenuza. Zimenezi n'zofala pa macheza, koma pa mayeso olemba zisiyeni. Pansi pa zonsezi pali *Où c'est que tu vas ?* ndi *Où que tu vas ?*, zimene ndi bwino kuzimvetsa mukazimva koma osaziyankhula, chifukwa ambiri amaziyesa Chifalansa cha munthu amene sukulu sanapite nayo patali.

Musaganize kuti kukweza mawu ndi mwano. Dokotala amafunsa wodwala *Vous avez mal où ?*, wogulitsa m'sitolo amati *Vous payez comment ?*, ndipo palibe amene amakhumudwa. Ulemu m'Chifalansa umaonekera poyamba pa *tu* ndi *vous*, monga zilili ndi "iwe" ndi "inu" kwathu kuno, komanso pa moni ndi pa *s'il vous plaît*. Kapangidwe ka funso kakuonetsa china: ngati mukungocheza, kapena mukuyankhula mosamala, kapena mukulemba. Afalansa amagawa kayankhulidwe patatu: *familier* ka pakati pa ozolowerana, *courant* kapakati ka tsiku ndi tsiku, ndi *soutenu* kosamalitsa ka m'makalata ndi m'mabuku. Mwachidule kukweza mawu kumakhala ku *familier* n'kufalikira kwambiri ku *courant* ya pakamwa, *est-ce que* ndi wa *courant*, ndipo kutembenuza ndi kwa *soutenu*. Malirewo si a mpanda, koma akuthandizani.

Kutembenuza ndiko kumafuna nthawi, chifukwa malamulo ake ndi ambiri ndipo ndi kumene mayeso olemba amakolera anthu. Maziko ake ndi awa: mneni atsogole, mlowam'malo amene ali mwininkhani atsatire, pakati pawo pakhale kamzere. *Vous partez* akhala *Partez-vous ?*, *tu sais* akhala *Sais-tu ?* Kamzereko si kokongoletsa. Kukaiwala ndi cholakwa cha kalembedwe.

Mneni akathera ndi lembo la liwu ndipo wotsatira ndi *il*, *elle* kapena *on*, pakati pamalowa *t* wokhala ndi timizere mbali zonse ziwiri: *A-t-il fini ?*, *Parle-t-elle anglais ?*, *Où va-t-on ?* Lembo limeneli lilibe tanthauzo, langobwera kuti mawu awiri asagundane pakamwa. Onani kuti ndi timizere, osati kachizindikiro kodula liwu. *A-t'il* n'kulakwitsa, ngakhale Afalansa eni ake ambiri amalemba choncho. Mneni akathera kale ndi *t* kapena *d*, simuonjezera kanthu: *Vient-il ?*, *Prend-elle le bus ?* Mu *prend-elle*, *d* uja amatchulidwa ngati *t*. *Il y a* akatembenuzidwa amakhala *y a-t-il*.

Pa nthawi zokhala ndi aneni awiri, monga *passé composé*, wotembenuka ndi mneni wothandizira yekha. *Vous avez reçu* akhala *Avez-vous reçu ?*, osati *Avez reçu-vous ?* Alowam'malo ena onse amatsala pamalo pawo kutsogolo kwa mneni: *L'avez-vous reçu ?*, *Lui as-tu parlé ?* N'chifukwa chake mu *Comment vous appelez-vous ?* muli *vous* awiri: woyamba ndi "dzi" wa mu "kudzitcha", wachiwiri ndiye mwininkhani amene wasunthidwa. Pokana, *ne* ndi *pas* amakuta mneni ndi mlowam'malo wake pamodzi: *N'avez-vous pas reçu ma lettre ?*

Pamene ambiri amapunthwa ndi pamene mwininkhani ali dzina, osati mlowam'malo. Amene anaphunzira Chingerezi poyamba amafulumira kulemba *Est le directeur là ?* Chifalansa chimakana. Pa funso la inde kapena ayi, dzina limatsala kutsogolo, ndipo pambuyo pa mneni mumaikapo mlowam'malo wogwirizana nalo: *Le directeur est-il là ?*, *La banque ouvre-t-elle le samedi ?*, *Vos parents sont-ils d'accord ?* Choncho musanatembenuze muyenera kudziwa ngati dzinalo ndi lachimuna kapena lachikazi, limodzi kapena ambiri. Amene sakudziwa kuti *banque* ndi lachikazi alemba *ouvre-t-il*, ndipo wataya malikisi pa chinthu chimene *est-ce que* akanamubisira.

Liwu lofunsira likakhalapo pali njira ziwiri. Mukhoza kungoika dzina pambuyo pa mneni, *Où habite votre frère ?*, kapena kubwereza mlowam'malo, *Où votre frère habite-t-il ?* Yoyambayo ndi yopepuka ndipo imamveka ngakhale pa macheza: *Où est la gare ?*, *Comment va ta mère ?*, *Combien coûte ce livre ?* palibe angazitche za m'mabuku. Yachiwiriyo ndi yolemerera. Koma si paliponse pamene muli ndi ufulu wosankha. Ndi *pourquoi*, kubwereza mlowam'malo ndiko kolondola: *Pourquoi le train part-il en retard ?*, osati *Pourquoi part le train en retard ?* Ndi *que* zili mosiyana, dzina liyenera kupita pambuyo pa mneni: *Que fait votre père ?*, ndipo *Que votre père fait-il ?* kulibe. Komanso mneni akakhala ndi pamtherankhani wake, mayina awiri sangandondozane pambuyo pake, choncho mumabwereza mlowam'malo: *Quand le directeur signera-t-il la lettre ?*

Kenaka pali *je*. Aneni ochepa okha ndiwo amatembenuka naye bwino: *ai-je*, *suis-je*, *dois-je*, *vais-je*, *sais-je*, *puis-je*, komanso a mtundu wa *pourrais-je* ndi *devrais-je*. Pa *pouvoir* samalani: timati *je peux*, koma potembenuza ndi *puis-je*, ndipo *peux-je* kulibe. Aneni othera ndi *-er* ali ndi kapangidwe kawo m'mabuku a galamala, *parlé-je*, kamene kusintha kwa kalembedwe kwa mu 1990 kanalola kulembedwanso *parlè-je*, koma mukakayankhula choncho mu ofesi anthu akhoza kuseka. Zonga *cours-je* ndi *dors-je* zimapewedwa kumene. Apa *est-ce que* salinso nkhani ya kukonda, ndiye njira yokhayo yabwino, ngakhale m'kalata yaulemu: *Est-ce que je parle trop vite ?* Chimodzimodzi *ça* satembenuka, *Marche-ça?* kulibe, timati *Est-ce que ça marche ?*, kapena molemerera *Cela marche-t-il ?*

Kodi ndiye kuti pakamwa kutembenuza kunatha? Ayi. Kunatsala m'mawu ena amene anthu amawatenga athunthu ngati moni: *Comment allez-vous ?*, *Quelle heure est-il ?*, *Puis-je vous aider ?* Kumamvekanso bwino ndi *vous* pa aneni afupiafupi opemphera: *Pouvez-vous répéter ?*, *Avez-vous l'heure ?*, *Voulez-vous un café ?*, *Pourriez-vous m'aider ?* Zimenezi ziloweni pamtima, muzigwiritsa ntchito kwa mlendo, kwa bwana, kwa woyesa mayeso. Chimene chimadabwitsa anthu ndi kutembenuza kolemerera pakati pa abwenzi. Kufunsa mnzanu wa ku Congo pa nkhomaliro kuti *Ton frère viendra-t-il ce soir ?* kuli ngati kupita kudimba mutavala suti ndi tayi: palibe lamulo limene mwaphwanya, koma aliyense acheuka. Ku Québec, dera la ku Canada, ndiye zimasiyanako, *Viens-tu ?* ndi *As-tu faim ?* ndi mawu wamba a m'nyumba, ndipo kumeneko mudzamvanso *Tu viens-tu ?*, m'mene *tu* wachiwiriyo sali munthu koma kachizindikiro ka funso chabe. Ngati simukupita kumeneko, ingokudziwani.

Tiyeni tsopano titenge kalata yanu ya ku yunivesite. Tinene kuti mukufuna kudziwa zinthu zinayi: ngati kulembetsa kukadali kotsegula, tsiku limene ofesi idzatulutse zotsatira, mapepala oyenera kutumiza, ndi ngati mungalipire fizi m'magawo awiri. M'kalata, funso loyamba likhala *Les inscriptions sont-elles encore ouvertes ?* Mwininkhani ndi dzina lachikazi la zinthu zambiri, n'chifukwa chake *elles*. Lachiwiri likhala *Quand le secrétariat publiera-t-il les résultats ?* Apa mlowam'malo wabwerezedwa chifukwa mneni ali ndi pamtherankhani, *les résultats*, ndipo *t* walowa chifukwa *publiera* wathera ndi *a*. Lachitatu ndi *Quels documents dois-je envoyer ?*, lachinayi *Puis-je payer en deux fois ?* Awiri omalizawa atheka chifukwa *devoir* ndi *pouvoir* ali m'gulu laling'ono lija lovomera *je*.

Komabe kalata ya mafunso anayi otembenuzidwa ondondozana imamveka ngati wapolisi akufunsa mlandu. Wodziwa kulemba amasandutsa ena kukhala mafunso obisika m'chiganizo china, ndipo njira imeneyi ndiyo yaulemu kuposa zonse zitatu zija. Mumayamba ndi *Je souhaiterais savoir…* kapena *Pourriez-vous m'indiquer…*, kenaka funso lanu limalowa mwa dongosolo la chiganizo chonena chabe, popanda *est-ce que* ndiponso popanda kutembenuza mlowam'malo. Funso la inde kapena ayi limalowa ndi *si*, amene ndi "ngati" wathu:

*Je souhaiterais savoir si les inscriptions sont encore ouvertes.*

*Pourriez-vous m'indiquer quels documents je dois envoyer ?*

Onani kuti *dois-je* wabwerera kukhala *je dois*. Onaninso zizindikiro za kumapeto: chiganizo choyamba chathera ndi mpumiro chifukwa *je souhaiterais* si funso, chachiwiri chathera ndi chizindikiro cha funso chifukwa cha *pourriez-vous*. Zolakwa zimene ndimakumana nazo kwambiri pochonga ndi *Je voudrais savoir est-ce que…* ndi *Dites-moi qu'est-ce que je dois faire*. Chachiwirichi mudzachimva ndithu pakamwa pa Afalansa ena, koma papepala chimathethedwa; cholondola ndi *Dites-moi ce que je dois faire*. M'funso lobisika, *qu'est-ce que* amasanduka *ce que*, ndipo *qu'est-ce qui* amasanduka *ce qui*. Ine ndikanalemba kalatayo ndi mafunso awiri obisika ndi awiri otembenuzidwa, mosinthanitsa.

Mawa lake mwaimba foni ku ofesi yomweyo. Tsopano mulibe nthawi yoganizira ngati dzina ndi lachikazi, ndipo pa foni yodukaduka kukwera kwa mawu kukhoza kusamveka. Apa *est-ce que* ndiye bwenzi lanu, chifukwa amachenjeza womvera kuyambira pa liwu loyamba kuti kukubwera funso: *Est-ce que les inscriptions sont encore ouvertes ?*, *Quand est-ce que le secrétariat va publier les résultats ?*, *Est-ce que je peux payer en deux fois ?* Potchula, musamugawe mawu atatu. Amatuluka mwachangu ngati liwu limodzi, pafupifupi "esk", ndipo mu *quand est-ce que*, *d* wa *quand* amamveka ngati *t* wolumikizana ndi liwu lotsatira. Funso lachitatu lija, *Quels documents est-ce que je dois envoyer ?*, n'lolondola koma n'lalitali. Ambiri pa foni anganene *Je dois envoyer quels documents?* ndipo mlembi sangaone chachilendo.

Madzulo mukulembera uthenga pa foni mnzanu amene amaphunzira kale kumeneko. *C'est encore ouvert, les inscriptions ? Les résultats, ils sortent quand ? Il faut envoyer quoi ? On peut payer en deux fois ?* Taonani kuti si funso lokha limene lasintha. *Publiera* wachoka, dzina laponyedwa kumayambiriro kapena kumapeto n'kulowedwa m'malo ndi *ce* kapena *ils*, ndipo *je* wasanduka *on*. Mfundo yake ndi yakuti kapangidwe ka funso kamayenda limodzi ndi mawu ena onse a m'chiganizo. Pa macheza *ne* amagwa, *Tu viens pas ?*, ndipo *tu as* amafupika, *T'as fini ?* Zimenezi zimagwirizana ndi kukweza mawu. Koma mukatembenuza, *ne* abwerere: *Ne venez-vous pas ?* Chimene chimaulula mlendo msanga si kusankha njira yolakwika, koma kusakaniza, monga kulemba *Puis-je* m'chiganizo choyamba cha kalata, m'chachiwiri n'kulemba *Ça coûte combien ?*

Pali malo amodzi pamene *est-ce que*, ngakhale ndamuyamikira chotere, amasokoneza anthu, ndipo ndi pa "ndani" ndi "chiyani". Pali mapangidwe anayi ofanana maonekedwe, koma mukawagawa pawiri savuta. Liwu loyamba limanena ngati mukufunsa za munthu, *qui*, kapena za chinthu, *que*. Liwu lomaliza limanena ntchito yake m'chiganizo: *qui* ngati ali wochita, *que* ngati ali wochitiridwa. Choncho *Qui est-ce qui appelle ?* ndi "akuimba ndani?", pomwe *Qui est-ce que tu appelles ?* ndi "ukuimbira yani?" *Qu'est-ce qui se passe ?* ndi "chikuchitika n'chiyani?", pomwe *Qu'est-ce que tu veux ?* ndi "ukufuna chiyani?" Njira yodziyesera ndi iyi: ngati pambuyo pake pakubwera mneni mwachindunji, lomaliza likhale *qui*, ngati pakubwera mwininkhani wina monga *tu*, *vous* kapena dzina, likhale *que*. Pofunsa za munthu wochita mukhoza kufupikitsa, *Qui appelle ?*, ndipo n'zoyenera paliponse, m'kalata ndi pa macheza pomwe. Pofunsa za chinthu chochita, kufupikitsa koteroko kulibe: *Qu'est-ce qui fait ce bruit ?* alibe m'bale wamfupi. Ndipo pa *quel* wotsatidwa ndi *être*, *est-ce que* salowapo konse: *Quel est votre nom ?*, *Quelle est la date limite ?* Pa macheza zimenezi zimakhala *C'est quoi, votre nom ?*, kumene kwa munthu wamkulu kumamveka kothamanga pang'ono.

Za mayeso anu ndinene motere. Pa gawo lolemba la B1, limene limafuna mawu osachepera 160, yang'anani kaye amene mukumulembera. Ngati ndi mnzanu, *tu* ndi *est-ce que*, ndi funso limodzi kapena awiri okweza mawu, zili bwino. Ngati ndi mkulu wa sukulu, meya kapena nyuzipepala, gwiritsani ntchito kutembenuza ndi mafunso obisika. Kalata za mtundu wachiwiriwu zidzakuchulukirani mukadzafika pa B2, pamene mawu ofunika ndi osachepera 250. Pa gawo loyankhula pali sewero limene mumachita ndi woyesa, iye n'kukhala mwina mnzanu, mwina mwini nyumba kapena wa mu ofesi. Werengani bwino kapepala ka sewerolo, chifukwa kusankha *tu* kapena *vous* ndi kapangidwe ka mafunso oyenerana ndi munthuyo ndi mbali ya zimene akuyesa. Mukakayika pakati pa chiganizo, thawirani kwa *est-ce que*. Sindinaonepo munthu akulephera chifukwa chomugwiritsa ntchito, pomwe kutembenuza kopotoka, konga *Est le magasin ouvert ?*, kumamveka nthawi yomweyo. Kuipa kwake n'kwakuti akachuluka papepala amalemetsa nkhani, ndiye m'kalata yaulemu asapitirire kamodzi kapena kawiri.

Poyeserera, tengani chiganizo chimodzi chokhala ndi dzina ngati mwininkhani, nthawi yapita ndi pamtherankhani, monga *Le professeur a corrigé les copies*, muchifunse m'njira zonse: *Le professeur a corrigé les copies ?*, *Est-ce que le professeur a corrigé les copies ?*, *Le professeur a-t-il corrigé les copies ?*, *Je voudrais savoir si le professeur a corrigé les copies.* Kenaka muikemo *quand*, kenaka *pourquoi*, kenaka musinthe *le professeur* akhale *la directrice*, kenaka mukane. Mukafika pa *Pourquoi la directrice n'a-t-elle pas corrigé les copies ?* osaima kuganiza, kutembenuza mwakugwira.

Pa mafunso okanawa samalaninso ndi yankho. Wina akakufunsani *Tu ne viens pas ?* inu mukubwera, yankho si *oui* koma *si*. Ngati simukubwera, ndi *non*. Ife tinazolowera kuti munthu akati "Simubwera?" timayankha "Eya" kutanthauza kuti zoonadi sitibwera. Mukatengera chizolowezi chimenecho ku Chifalansa n'kuyankha *oui*, mnzanuyo sadziwa ngati akudikireni kapena ayi, ndipo adzakufunsaninso kachiwiri.